Magalasi a mwana wothyolathyola: felemu iti, lenzi iti?

Musanapite kukagula magalasi ena, tengani othyoka aja muwayang'anitsitse. Athyoka pati? Makolo ambiri amafika kusitolo ya magalasi n'kungonena kuti "tipatseni olimba kwambiri," pamene othyokawo awasiya kunyumba kapena anataya kale. Komatu magalasi othyoka ndi amene amakuuzani chimene muyenera kugula. Ngati mwendo wachoka pahinjesi, vuto ndi kavulidwe ka mwanayo: amakoka ndi dzanja limodzi, mwendo umodzi n'kumakanukira kunja tsiku ndi tsiku mpaka kuthyoka. Ngati athyoka pakati, pamene pamakhala pamphuno, ndiye kuti wina anawakhalira kapena anaphwanyikira m'chikwama pansi pa makope. Ngati lenzi ikumangogwa felemu ili bwinobwino, pali kasikuluwu kamene kakumasuka, kapena lenziyo anaidula yochepa. Ndipo ngati lenzi yeniyeniyo yasweka n'kutuluka tizidutswa takuthwa, imeneyo si nkhani ya ndalama chabe ayi, diso la mwana linali pangozi.

Mwa zinayizi, yomalizayi ndi imene imachitika kamodzikamodzi. Zambiri zimene zimathyoka pa magalasi a ana ndi felemu. N'chifukwa chake ndimaona kuti makolo amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Lenzi ya polikaboneti, pulasitiki wosasweka msanga, timagulira kuteteza diso. Felemu yabwino timagulira kuti magalasi akhale pankhope ndiponso akhalitse. Mukagula polikaboneti n'kuiika mu felemu yachitsulo yopyapyala yotsika mtengo, mudzabwereranso kusitolo mwezi usanathe, muli ndi malenzi awiri athunthu m'manja koma opanda pokhala.

Za malenzi

Galasi lenileni, ngati la pazenera, tisataye nalo nthawi. Silikalika msanga, n'zoona, koma n'lolemera kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pulasitiki, ndipo likasweka limatulutsa zidutswa zocheka. Kwa mwana ayi.

Zimene mudzasankhepo ndi zinayi: pulasitiki wamba amene pakapepala ka lenzi amalemba CR-39 kapena 1.50, pulasitiki wina amene amalemba 1.56, polikaboneti amene amalemba 1.59, ndi Trivex amene amalemba 1.53. Manambalawa amasonyeza mphamvu ya chinthucho pokhotetsa kuwala. Nambala ikakwera, lenzi imapyapyala ngakhale mphamvu ya magalasi imene adokotala alemba ili yomweyo. Koma nambalayo sinena kanthu za kulimba, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsikira.

CR-39 ndi yotsika mtengo, imapezeka paliponse, imaonetsa bwino kwambiri, ndipo mwa mapulasitiki onse ndi imene imapirirako kukalika. Kwa munthu wamkulu wokhala muofesi palibe chodandaula. Koma ikamenyedwa mwamphamvu ndi mwala, chigongono kapena ngodya ya desiki, imasweka n'kukhala zidutswa.

Ya 1.56 muisamale. Imamveka ngati yapamwamba chifukwa nambala yake yaposa 1.50, ndipo kawirikawiri ndi imene imabwera ndi zokopa zija: yosintha mtundu padzuwa, yotchinga kuwala kwa foni. Ndi yopyapyalako ndithu, koma ndi yofumbutuka, sichedwa kubenthuka m'mphepete, ndipo pa kulimba siposa CR-39. Mayi akhoza kulipira ndalama zambiri poganiza kuti wagulira mwana lenzi yolimba, pamene wagula yosachedwa kusweka.

Polikaboneti ndi pulasitiki yemwe uja amene amapangira masidi a nyimbo. Amene anagwirapo sidi akudziwa khalidwe lake: umatha kuipinda ndithu osathyoka, koma ukangoikhwekhwereza patebulo kamodzi yadzaza mizere. Lenzi ya polikaboneti ndi chimodzimodzi. Ikamenyedwa imafwamphuka n'kubwerera m'malo mosweka, chifukwa ndi yofewa mkati mwake, ndipo kufewa komweko ndi kumene kumaichititsa kukalika msanga. Pachifukwa chimenechi lenzi iliyonse ya polikaboneti imakutidwa ndi kachikopa kouma koteteza ku mikwingwirima, ndipo kusiyana kwa polikaboneti yabwino ndi yoipa kwagona pa kachikopa kameneko. Ubwino wina ndi woti ndi yopepuka, komanso imatchinga yokha cheza choopsa cha dzuwa popanda kuwonjezerapo mankhwala. Kuipa kwake kwina n'koti pa mphamvu zikuluzikulu, munthu akayang'ana cham'mbali mwa lenzi amaona timitundu ta utawaleza m'mphepete mwa zinthu. Akuluakulu ena zimawasowetsa mtendere, koma ana sadandaula nazo kawirikawiri.

Trivex inayamba kugulitsidwa mu 2001. Pa kulimba imapikisana ndi polikaboneti, ndi yopepuka kuposa onse, ndipo timitundu tija sitioneka kwambiri. Koma ndi yokhuthalako pang'ono, yokwera mtengo, ndipo si sitolo iliyonse imene ingakupezereni. Ngati ilipo ndipo thumba likulola, tengani. Koma sindingalangize kholo kuti mwana akhale milungu yambiri opanda magalasi podikira Trivex pamene polikaboneti ilipo.

Mawu akuti "siyisweka" musamangowakhulupirira. Ku America, kuyambira 1972, lamulo limafuna kuti malenzi a magalasi azipirira kampira kachitsulo kolemera pafupifupi magalamu 16 kogwetsedwa kuchokera pa masentimita 127. Mayeso amenewa ngakhale CR-39 imakhoza, galasi lenileni lolimbitsidwa limakhozanso. Choncho wogulitsa akhoza kunena zoona kuti lenzi yake inayesedwa kulimba, koma isali polikaboneti. Funso loyenera ndi lachindunji: "Achimwene, lenzi imeneyi ndi ya 1.59? Mungandisungire kapepala kake?" Lenzi iliyonse imabwera m'kaenvulopu kolembedwa mtundu ndi mphamvu yake. Wogulitsa woona mtima savutika kukuonetsani. Funsaninso masiku odikira, chifukwa masitolo ena amachita kuitanitsa, makamaka ngati mphamvu ya mwanayo ndi yaikulu.

Pali ana amene kwa iwo palibe zokambirana: mwana amene diso limodzi lokha ndi limene limaona bwino, mwana wa khunyu amene amagwa mwadzidzidzi, ndi mwana amene akuphunzira kumene kuyenda. Amenewa polikaboneti kapena Trivex basi. Diso limodzi lotsalalo silofunika kuliika pachiswe chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama zochepa.

Zowonjezera pa lenzi ndingonenapo mwachidule. Kachikopa kochotsa kunyezimira ndi kabwino kwa wamkulu, koma pa mwana wa zaka zitatu kamadzaza zala, kamakalika, ndipo kakatenthedwa kamang'aluka timing'alu ngati ukonde wa kangaude. Ndalama imeneyo ndi bwino kuisungira magalasi achiwiri. Lenzi yosintha mtundu padzuwa ili ndi ntchito yeniyeni kwa ana achialubino ndi ena amene kuwala kumawathobwa m'maso. Kwa ana amenewa funsani yosintha mtundu ya polikaboneti, musalandire ya 1.56 chifukwa choti ndi imene ili pafupi.

Felemu: apa ndiye pagona nkhani

Nkhope ya mwana wamng'ono si nkhope ya wamkulu yochepetsedwa. Fupa la pamwamba pa mphuno limakhala lisanakwere, ndiye felemu ilibe potsamira. Masaya ndi otukuka, makutu ali pafupi. Ana athu ambiri mphuno zawo n'zotakata ndi zotsika pakati pa maso ngakhale atakulako. Mukamuveka felemu yopangidwira mphuno yosongoka, imatsetsereka mpaka kunsonga, mwana n'kumayang'ana pamwamba pake. Magalasi ali pankhope ndithu, aphunzitsi akuona kuti wavala, koma sakugwira ntchito iliyonse. Ndipo magalasi otsetsereka ndi amene amagwa, kupondedwa, kapena mwana kuwavula yekha chifukwa chotopa nawo. Kuthyoka kwambiri kumayambira pa felemu yosakwana bwino, osati yosalimba.

Mtundu woyamba ndi felemu yofewa yopangidwa ndi chinthu chimodzi kuyambira khutu ili mpaka linalo, yopanda hinjesi, yopanda sikuluwu, yopanda chitsulo chilichonse, yokhala ndi lamba wozungulira kumbuyo kwa mutu. Imagwirika ngati labala. Mwana akhoza kuipinda, kuiluma, kugona nayo kumbuyo kwa mayi ake ali pachitenje nkhope itatsamira msana, osavulala ndipo osathyola. Kwa ana osapitirira zaka zitatu kapena zinayi palibe ina yoiposa. Koma ili ndi zovuta zake zimene ogulitsa sanena. Siitheka kuikonza kuti igwirizane ndi nkhope: ukaipinda imabwerera, ndiye ikapanda kukwana pa tsiku logula sidzakwananso. Imakhala pafupi kwambiri ndi maso, nsidze n'kumapaka mafuta pa lenzi, ndipo mwezi wa Okutobala thukuta limadzaza nthunzi mkati. Chifukwa ndi yofewa, mwana wochenjera amaphunzira kukankha lenzi ndi chala n'kuitulutsa. Lamba nayenso amatha mphamvu pakapita miyezi, choncho funsani ngati amagulitsa malamba paokha. Ndipo mwana akafika Sitandade 2 kapena 3, anzake amayamba kumuseka kuti wavala zakhanda, iye n'kumawabisa m'chikwama akangotuluka pageti. Felemu yolimba imene mwana sakuvala ilibe phindu.

Mtundu wachiwiri ndi felemu ya nayiloni imene mkati mwa mwendo amalembamo TR-90. Ndi yopepuka, imapindika n'kubwerera, sichita dzimbiri ndi thukuta, ndipo imaoneka ngati magalasi a akuluakulu. Kwa mwana wa sukulu ya pulayimale, ine ndi imene ndimaika patsogolo. Malo ake ofooka ndi pahinjesi. Kachitsulo ka hinjesi kamalowetsedwa mu nayiloni, ndipo kakazuka palibe wowotcherera amene angakabwezere. Pali ena mwa mafelemu amenewa amene m'malo mwa hinjesi yachitsulo anaikapo kachidutswa ka labala kopindika mbali zonse, ena miyendo yake imachotseka n'kuikapo lamba nthawi yosewera. Amenewo ndiye abwino koposa kwa mwana wa zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri. Dziwaninso kuti zilembo za TR-90 aliyense akhoza kudinda. Igwireni m'manja, mukanule miyendo pang'onopang'ono. Yeniyeni imagonja mofewa n'kubwerera m'malo mwake. Yabodza imalira tcheketcheke, ndipo popindika pamayera.

Felemu ya pulasitiki wolimba wa asiteti, ija yonyezimira ya mitundu yokongola, ubwino wake ndi woti wodziwa ntchito amaitenthetsa n'kuipinda kuti igwire bwino kuseri kwa makutu. Koma ndi yolemerako, ikakalamba imauma n'kuyamba kuthyoka, ndipo ikasiyidwa padzuwa imapotoka. Ndi yoyenera mwana wamkulu wodekha.

Zachitsulo zili pawiri. Chitsulo wamba chili ndi ubwino umodzi umene tisaunyoze kuno kwathu: chimawotchereka. Chikathyoka polumikizira, mmisiri wa magalasi amatha kuchilumikizanso. Komanso tizidutswa tiwiri tokhala pamphuno timasunthika, ndiye kwa mwana wa mphuno yotsika kwambiri nthawi zina ndi chitsulo chokha chimene chimakweza magalasi kufika pamalo ake. Koma tizidutswa tomweto ndi timene timacheka pamphuno mpira ukamenya kumaso. Chitsulo chimapindika n'kukhala chopindika, masikuluwu amamasuka, thukuta limatulutsa zobiriwira pahinjesi, ndipo ana ena khungu limatuluka nsungu pamene chitsulo chikukhudza. Chitsulo china ndi chosakaniza titaniyamu, chija ogulitsa amakonda kukulunga pachala n'kuchisiya chikubwerera chokha. Chionetsero chimenecho n'choona, koma chimene chimapindika choncho ndi miyendo ndi kamlatho ka pamphuno basi. Zozungulira malenzi ndi polumikizira ndi chitsulo wamba, ndipo m'pamene chimathyokera. Chikathyoka pamenepo n'chovuta kuwotcherera. Mtengo wake ndi waukulu kwa mwana amene adzachikula chaka chamawa.

Hinjesi ya sipuling'i, imene imalola mwendo kukanukira kunja, imathandizadi mwana wovula ndi dzanja limodzi. Kungoti kasipuling'iko kali mkati mwa mwendo, kakafa ndiye kuti mwendo wonse watha.

Mafelemu opanda chozungulira, amene lenzi imabooledwa n'kumangidwa ndi masikuluwu, ndi aja a theka ogwira lenzi ndi kaulusi ka nayiloni pansi, musagulire mwana ngakhale atalira chotani.

Tiyerekeze ndi mwana mmodzi

Titenge mtsikana wa zaka zinayi wa ku Chilomoni. Diso lake lamanzere limakhotera kumphuno, makamaka akamayang'ana chinthu chapafupi. Ku Gulupu, kuchipatala cha maso cha Lions Sight First, amuthira mankhwala okulitsa mwanadiso, amuyeza, ndipo pepala lalembedwa mphamvu ya +5.00 maso onse awiri. Mtunda wa pakati pa maso ake awiri, umene pamapepala amalemba PD, ndi mamilimita 52. Kwa mwana ngati ameneyu magalasi ndi mankhwala. Akawavala diso limawongoka. Akakhala osavala, ubongo umazolowera kusagwiritsa ntchito diso lokhotalo, ndipo akapitirira zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu kulidzutsanso kumavuta kwambiri. Ndiye sabata iliyonse imene magalasi ali othyoka m'kabati ndi sabata yotayika.

Kusitolo mayi apeza mafelemu awiri. Mkati mwa mwendo wa felemu iliyonse muli manambala atatu. Yoyamba yalembedwa 44□16 125, yachiwiri 50□18 135. Nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa lenzi imodzi, yachiwiri ndi mpata wa pamphuno, yachitatu ndi kutalika kwa mwendo, zonse m'mamilimita. Mayi akukonda yaikuluyo. "Akulira momwemo ameneyu, ana sachedwa," akutero, monga timachitira pogula yunifolomu ndi nsapato. Pa magalasi nzeru imeneyi imapweteka.

Mukaphatikiza nambala yoyamba ndi yachiwiri mumapeza mtunda wa pakati pa malo apakati a mabowo awiri a felemu. Yaing'ono ndi 44 kuphatikiza 16, kukhala 60. Yaikulu ndi 68. Maso a mwanayu ali pa 52. Pakatikati pa lenzi payenera kukhala patsogolo penipeni pa diso, choncho wodula ayenera kusunthira lenzi iliyonse cha kumphuno: mamilimita 4 mu felemu yaing'ono, mamilimita 8 mu yaikulu. Kuti lenzi yosunthidwa choncho ikwanebe kudzaza bowo lonse mpaka kungodya yakunja, iyenera kudulidwa kuchokera ku chimbale chachikulu, pakuti lenzi isanadulidwe imabwera yozungulira ngati chimbale: cha mamilimita pafupifupi 54 pa felemu yaing'ono, pafupifupi 68 pa yaikulu. Tsono lenzi ya mphamvu ya + imakhuthala pakati, ndipo chimbale chikakula pakatipo pamakhuthala mofulumira kuposa mmene chimbalecho chakulira.

Tikawerengera, m'mphepete titasiya milimita imodzi, zikutuluka motere. Felemu yaing'ono ndi polikaboneti: pakati pakhuthala mamilimita pafupifupi 4.1. Felemu yaing'ono yomweyo ndi CR-39: pafupifupi 4.7. Felemu yaikulu ndi polikaboneti: pafupifupi 5.9. Felemu yaikulu ndi CR-39: pafupifupi 6.8. Taonani bwino: polikaboneti mu felemu yaikulu yakhuthala kuposa pulasitiki wamba mu felemu yaing'ono. Kusintha mtundu wa lenzi kwachotsa theka la milimita ndi pang'ono, pamene kusintha kukula kwa felemu kwachotsa pafupifupi mamilimita awiri. Lenzi yokhuthala ndi yotakata imalemera, kulemerako kumakokera magalasi pansi pa kamphuno kopanda potsamira kaja, ndipo miyendo ya 135 ikupitirira makutu osagwira kanthu. Mtsikana uja ayamba kuyang'ana pamwamba pa magalasi, diso n'kubwerera kumphuno.

Pali chinanso chofunsa pa lenzi za + zamphamvu. Masitolo amasunga malenzi opangiratu a chimbale cha mamilimita 65 kapena 70. Lenzi ya +5.00 ya polikaboneti ya chimbale cha 65 imabwera pakati pali pokhuthala kale mamilimita pafupifupi 5.5, ndipo kuidula m'mbali sikuchepetsa pakatipo. Ndiye mukhoza kusankha felemu yaing'ono bwinobwino koma n'kulandira lenzi yokhuthala ndithu, m'mphepete mwake mukutuluka kunja kwa felemu. Funsani kuti: "Kodi lenziyi mutenga ya m'bokosi, kapena mupangitsa yogwirizana ndi felemuyi?" Yopangitsa imadula pang'ono ndipo imatenga masiku, koma mphamvu ikafika +4.00 kupita m'mwamba phindu lake limaoneka ndi maso. Kwa makanda amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala n'kupatsidwa magalasi okhuthala kwambiri, nkhani ya felemu yaing'ono, yozungulira, ya lamba ndi yofunika koposa, ndipo mtundu wa lenzi mutsatire zimene adokotala anena chifukwa si mphamvu zonse zimene zimapezeka mu polikaboneti.

Kwa mtsikana wathuyu, ndingasankhe felemu ya 44 kapena yocheperako, yofewa ya lamba kapena ya nayiloni ya hinjesi yalabala, ndi polikaboneti yopangitsa yokhala ndi kachikopa koteteza kukalika kokha.

Musatuluke m'sitolo musanayese. Mwana avale, inu mugwade kuti maso anu alingane ndi ake. Maso akhale pakati pa lenzi kapena pamwamba pang'ono, m'mphepete mwa pamwamba mufike cha kunsidze zapamwamba kuti akamayang'ana wamkulu woimirira ayang'anirebe m'galasi. Muuzeni aseke: masaya akanyamula felemu, ndiye kuti yatsamira masaya osati mphuno. Muuzeni awerame ayang'ane zala za kumapazi n'kupukusa mutu, kenako adumphe katatu. Akatsetsereka m'sitolo, ndiye kuli bwanji pa fulaye kapena pa mpira wachikulunga? Mwendo uyambe kukhota pamwamba penipeni pa khutu, osati kumbuyo kwake. Pali timbedza ta silikoni tolowetsa kunsonga kwa miyendo kuti tigwire kuseri kwa khutu, totsika mtengo kwambiri, ndipo nthawi zina timapulumutsa felemu imene ikanatayidwa.

Felemu yopindika si nkhani ya maonekedwe

Magalasi achitsulo akakhalidwa, makolo amawawongola ndi manja n'kunena kuti ali bwino, bola akuvalika. Pa mphamvu yaing'ono mwina palibe vuto. Pa +5.00 lilipo. Diso likamayang'anira pambali pa pakati pa lenzi, chithunzi chimasunthika, ndipo kusunthako kumapezeka pochulukitsa mtunda m'masentimita ndi mphamvu ya lenzi. Lenzi imodzi ikakwera mamilimita awiri okha kuposa inzake, amenewo ndi masentimita 0.2, kuchulukitsa ndi 5 kukhala 1 pa muyeso wa kusunthika kwa chithunzi. Maso amatha kupirira kusiyana kwa cham'mbali, koma kwa m'mwamba ndi pansi amapirira pang'ono zedi. Mwana sadzanena kuti akuona ziwiriziwiri. Mudzangoona akupendeketsa mutu, akutsinzina diso limodzi, akudandaula mutu madzulo, kapena akuvula magalasi amene kale ankawakonda. Ikani magalasiwo patebulo miyendo ili yotambasula, muwayang'ane chakutsogolo. Mbali imodzi ikakwera, apititseni akawongoledwe ndi zida zake.

Zimene zimapha polikaboneti

Polikaboneti sithyoka ndi nkhonya, koma imafa ndi fumbi ndi mankhwala. Fumbi la mu Blantyre nthawi yachilimwe, lija la m'misewu ya ku Bangwe ndi Machinjiri, ndi timchenga tolimba kuposa kachikopa ka lenzi. Mwana akapukuta ndi malaya a yunifolomu, kapena agogo ndi nsonga ya chitenje, lenzi ili youma, akupala. Dongosolo lake ndi ili: tsukuluzani ndi madzi ozizira kaye kuti mchenga uchoke, ikani kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, pakani ndi zala, tsukuluzaninso, pukutani ndi kansalu kofewa koyera kosungidwira ntchito yomweyo. Madzi otentha ayi.

Mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo ali ndi asitoni, ndipo dontho limodzi limayeretsa lenzi mbuu kapena kuing'alula kuyambira m'mphepete. Sipiriti, palafini, mankhwala opopera udzudzu ndi odzola othamangitsa udzudzu akhale kutali. Guluu wa supa uja, amene bambo amathamangira kukagula pa okala mwendo ukathyoka usiku, nthunzi yake imasiya zoyera pa lenzi zosachoka, ndipo akalowa mu hinjesi mmisiri sangathenso kumasula. Kasikuluwu kakagwa, lowetsani ulusi wolimba kapena kawaya kopyapyala pabowopo, mumange, nsonga yake iloze kutali ndi diso, mpaka mutafika kokonzetsa. Musasiye magalasi pagalasi lakutsogolo la galimoto kapena pafupi ndi mbaula.

Mikwingwirima ya m'mbali ilibe vuto. Ikadzaza pakati, pamene mwana amayang'anira, mpaka lenzi kuoneka ngati chifunga mukaiyang'anira pa kuwala, isintheni. Kupukuta ndi mankhwala otsukira mano sikuchotsa mikwingwirima, kumangochotsa kachikopa kaja.

Ndalama muziike pati

Mphamvu ya maso a mwana imasintha, nkhope imakula, ndipo adokotala amafuna kumuonanso pakapita miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Choncho magalasi a mwana si katundu wa zaka zisanu. Pakati pa felemu imodzi yodula kwambiri ndi mafelemu awiri apakatikati ofanana ndendende, ine ndimasankha awiriwo. Chifukwa chake n'chakuti lenzi imadulidwa molingana ndi bowo la felemu imodzi yokha. Felemu ikathyoka ndipo mtundu umenewo watha m'sitolo, malenzi anu a polikaboneti, amene mwina ndi amene anadya ndalama zambiri, alibenso ntchito. Koma mukakhala ndi felemu yachiwiri ya mtundu ndi manambala omwewo, mmisiri amangosamutsa malenzi m'mphindi zochepa, mwana n'kupita kusukulu mawa lake. Ngati ndalama za felemu yachiwiri palibe, jambulani ndi foni manambala a mkati mwa mwendo ndi pepala la adokotala, ndipo magalasi akale musataye ngakhale mphamvu itasintha pang'ono.

Kwa mnyamata wa Sitandade 6 wosewera mpira wamiyendo kapena mtsikana wa ntchemberembaye, dziwani kuti magalasi wamba, ngakhale a polikaboneti, si chitetezo cha pabwalo. Mpira ukamenya mwamphamvu lenzi sisweka, koma ikhoza kufwamphuka mu felemu n'kukankhira kudiso. Alipo magalasi amasewera okhala ndi mphako yakuya yogwira lenzi, labala pamphuno ndi lamba. Kwa mwana wa diso limodzi loona bwino amenewa ndi ofunika ndithu. Kwa enawo, ngati mphamvu ndi yaing'ono ndipo adokotala avomereza, akhoza kuvula nthawi ya masewera n'kuika m'kabokosi kolimba, osati m'thumba la kabudula. Kabokosiko kakhale kouma kotsekeka bwino, kolembedwa dzina, ndipo aphunzitsi ake adziwe kuti mwanayu ayenera kuvalanso akangolowa m'kalasi.